Kulondola penshoni ya malemu bambo: kalata, mapepala ndi momwe zayendera

Zolemba izi ndi za ntchito yolondola ndalama za penshoni za malemu bambo athu. Ankayang'anira nyumba yosungira katundu pa kampani ina ku Limbe, anapuma pa ntchito kumapeto kwa Juni 2023, ndipo anatisiya mu Disembala chaka chomwecho asanalandire ngakhale tambala. Pa ana onse ine ndi amene ndimakhala pafupi ndi tauni, choncho banja linati nkhaniyi ndiyendetse ndine. Kampani imene ankagwirako ndi kampani yosunga penshoni sindizitchula maina, ndipo manambala onse a bambo ndawabisa. Ndalama zokha ndazilemba momwe zilili, kuti amene ayambe ulendo womwewu adziwiretu pamene adzafunike kupisa m'thumba.

12 Febuluwale 2024: zimene zinali m'sutikesi

Tisanapite ku ofesi iliyonse, ine ndi mayi tinakhuthula sutikesi ya mapepala a bambo. Tinapezamo kalata ya kampani yovomereza kupuma kwawo, mapeyisilipi a zaka ziwiri zomaliza, chiphaso chawo cha unzika, ndi sitetimenti yakale ya penshoni yomwe inali ndi nambala yawo ya umembala. Pansi penipeni panali fotokope ya fomu yopemphera ndalama za penshoni. Bambo anaisayina mu Juni 2023, ndipo pakona pake pali chidindo cha ofesi yoona za antchito ya kampaniyo, chosonyeza tsiku limene anailandira.

Pa fomuyo bambo anasankha kutenga theka la ndalama zawo nthawi imodzi, theka linalo n'kumalandira mwezi ndi mwezi. Lamulo la penshoni la 2023, lomwe linalowa m'malo mwa la 2011, ndi limene linakweza gawo lotenga nthawi imodzi kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti.

Ndinajambulitsa mapepala onse katatu. Tsamba limodzi linali K100, ndipo zonse pamodzi ndi mafayilo awiri apulasitiki zinakwana K9,500. Mapepala enieni ndinawabwezera kwa mayi. Ku ofesi ndimanyamula mafotokope okha, enieniwo amatuluka m'nyumba pokhapokha wina akanena kuti akufuna kuwaona ndi maso, ndipo amabwerera tsiku lomwelo.

26 Febuluwale 2024: ku kampani yosunga penshoni

Mayi amene ndinawapeza pa desiki analemba nambala ya umembala pa kompyuta, n'kundifunsa kuti bambo anamwalira ali pa ntchito kapena atapuma. Nditayankha kuti anali atapuma, anati fayilo yawo ikusonyeza munthu amene akadali pa ntchito. Fomu ija siinafike kwa iwo.

Ndinapempha sitetimenti. Anandikaniza mwaulemu: "Pepani achimwene, kukhala mwana wa malemu sikukupatsani mphamvu yoona akaunti yawo. Mubwere ndi chiphaso cha imfa ndi chikalata cha khoti chokupatsani mphamvu zoyendetsa chuma cha masiye." Pamenepa sanalakwe. Akanapatsa ine, mawa lake akanapatsanso wina aliyense wobwera ndi nkhope yachisoni.

Chimene ndinatolapo tsiku limeneli n'chakuti ndalama za munthu womwalira zili mitundu iwiri, ndipo iliyonse ili ndi njira yake. Pali ndalama zimene thumba la penshoni limapereka chifukwa membala wamwalira. Zimenezi zimapita kwa anthu amene mwini wake anawalemba pa fomu yosankha olandira, ndipo ngati fomuyo palibe, matrasti oyang'anira thumbalo amafufuza amene ankadalira malemuyo. Sizidutsa m'chuma cha masiye. Ndiye pali ndalama zimene munthu anayenera kulandira iye mwini ali moyo koma zinachedwa. Zimenezi zinali kale zake, choncho zimalowa m'chuma cha masiye, ndipo woyenera kuzifunsa ndi amene khoti lamupatsa mphamvu. Nkhani ya bambo inagwera pakati: anapuma, anasayina, koma ku thumba sanalembedwe kuti apuma.

Ulendo wa minibasi kupita ndi kubwera, K3,000.

3 Malichi 2024: msonkhano wa banja

Tinakumana kumudzi: mayi, ana tonse, bambo aang'ono ndi azakhali. Tinagwirizana kuti oyendetsa chuma tikhale awiri, ine ndi mayi. Tinalemba mndandanda wa ana onse a bambo, kuphatikizapo mchemwali wathu wamkulu amene bambo anabereka asanakwatire mayi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake ndi amene ankamudalira, ndipo silisankha kuti mwana anabadwira m'banja liti. Kumusiya pa mndandanda kukanangotipezetsa mlandu kutsogolo.

Bambo aang'ono anabweretsa maganizo ena. Anamva kuti lamulo limakakamiza olemba ntchito kukhala ndi inshuwalansi ya moyo ya wantchito aliyense, yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Iwo anati popeza ku thumba bambo akuoneka ngati akadali pa ntchito, tingokhala chete kuti inshuwalansiyo ituluke. Tinakana. Inshuwalansi imeneyo ndi ya munthu womwalira ali pa ntchito, ndipo a inshuwalansi akanafunsa peyisilipi ya mwezi umene bambo anamwalira, yomwe kulibe. Komanso mphamvu yonse ya pempho lathu ili pa mfundo yakuti bambo anapuma mu Juni. Sitingaimirire pa miyendo iwiri yotsutsana.

Zimene tinagwirizana zinalembedwa, aliyense anasayina, ndipo amfumu anadindapo.

19 Malichi 2024: chiphaso cha imfa ndi vuto la maina

Bambo anamwalirira m'chipatala, choncho pepala la chipatala tinali nalo. Limenelo si chiphaso cha imfa, ngakhale ambiri timalitenga choncho. Chiphaso chenicheni chimachokera ku bungwe la kalembera la NRB, ndipo tinachipempha kudzera ku ofesi ya bungweli ya m'boma lathu.

Chitatuluka, ndinayala mapepala onse patebulo n'kuona kuti maina sakufanana. Pa chiphaso cha unzika, chomwe anatenga pa kalembera wa 2017, bambo ali ndi maina atatu, lachitatu ndi la agogo. Chiphaso cha imfa chinatsatira chimenecho. Koma pa mapeyisilipi ndi pa sitetimenti ya penshoni pali maina awiri okha, ndipo dzina la bambo awo linalembedwa ndi "r" pamene pa chiphaso pali "l". Kwa ife ndi munthu mmodzi. Kwa munthu wolipira mamiliyoni kuchokera m'thumba la anthu ena, amenewa akhoza kukhala anthu awiri.

Mankhwala ake ndi chikalata cha malumbiro. Mayi analumbira pamaso pa loya wovomerezeka kulumbiritsa kuti maina onsewo ndi a mwamuna wawo mmodzi yemweyo. M'chikalatamo tinalemba maina onse awiri monga momwe alili pa pepala lililonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso cha unzika ndi nambala ya umembala. Kulemba ndi kulumbiritsa kunatenga K15,000. Loya yemweyo anadinda mafotokope athu kutsimikiza kuti akufanana ndi mapepala enieni, K12,000. Amene mukuyamba, yalani mapepala anu n'kuwerenga maina chilembo ndi chilembo musanalembe kalata. Mukadikira kuti a ku ofesi ndiwo akuuzeni, fayilo imabwerera poyambira.

23 Epulo mpaka 11 Juni 2024: chikalata cha khoti

Bambo sanasiye wilo. Chuma chochepa chimatha kuthera kwa majisitireti kapena ku ofesi ya DC, koma chathu, tikaphatikiza nyumba ndi ndalama zomwe tinkayembekezera, chinali choti chipite ku bwalo lalikulu la milandu. Njira zinalipo zingapo: ofesi ya boma yoyendetsa chuma cha masiye ya Administrator General, bungwe la Legal Aid Bureau kwa amene sangathe kulipira, kapena loya woima payekha. Tinasonkha ndalama n'kutenga loya.

Anatipempha chiphaso cha imfa, ziphaso za unzika za ine ndi mayi, mgwirizano wa banja uja, ndi mndandanda wa katundu yense wa bambo ndi mtengo wake, chifukwa pamakhala zowerengera msonkho wa chuma cha masiye khoti lisanapereke chikalata. Apa panabuka funso lovuta: penshoni tilembe ndalama zingati pamene sitetimenti akutikaniza? Loya anagwiritsa ntchito sitetimenti yakale ija, n'kulemba poyera kuti chiwerengerocho ndi chongoyerekeza ndipo chidzakonzedwa thumba likayankha.

Zonse za loya ndi za kukhoti zinakwana K380,000. Iyi ndiyo ndalama yaikulu pa ntchito yonseyi, ndipo tinagwirizana kuti amene anasonkha adzabwezeredwa kuchokera m'chuma tisanagawane. Malisiti onse ali m'fayilo.

Chikalata chitatuluka, tinapita nacho ku banki kukatsegula akaunti ya chuma cha masiye, yosayinira anthu awiri. Akaunti ya bambo, yomwe analemba pa fomu ija, banki inaitseka itamva za imfa yawo. Ndalama zikanatumizidwa kumeneko zikanabwerera kapena kukakamira.

18 Juni 2024: kalata

Ndinailemba m'Chingerezi chifukwa ndi momwe mafayilo a maofesiwa amayendera, koma apa ndikuika m'Chichewa. Ndinailembera kwa mkulu woyang'anira thumba la penshoni, pa udindo wake osati pa dzina, kuti munthu akasintha kalata isasowe mwini. Inakwana tsamba limodzi ndi theka.

Mutu wake unali ndi zinthu zinayi zokha: maina onse a bambo, nambala ya umembala, dzina la kampani imene ankagwirako, ndi mawu akuti "pempho la ndalama zopumira pa ntchito zomwe sizinaperekedwe". Wosanja makalata amawerenga mutu wokha, ndipo nambala ya umembala ndi imene imapititsa kalata mu fayilo yoyenera. Thupi lake linali motere:

"Ife osayina pansipa ndife oyendetsa chuma cha malemu otchulidwa pamwambapa, malinga ndi chikalata cha bwalo lalikulu la milandu chomwe taphatikiza ngati pepala loyamba.

Malemuwa anapuma pa ntchito pa 30 Juni 2023, monga ikusonyezera kalata ya owalemba ntchito. M'mwezi womwewo anasayina fomu yopempha ndalama zawo, ndipo owalemba ntchito anailandira n'kudindapo. Anamwalira mu Disembala 2023 asanalandire kalikonse. Pa 26 Febuluwale 2024 ofesi yanu inatiuza pakamwa kuti fomuyo siinakufikeni ndipo malemuwa akuoneka ngati akadali pa ntchito.

Tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, mutipatse sitetimenti yosonyeza ndalama zimene zinalowa mwezi uliwonse kuyambira Januwale 2022 mpaka lero, ya wantchito payokha ndi ya wolemba ntchito payokha. Chachiwiri, mukonze fayilo kuti isonyeze kuti malemuwa anapuma pa 30 Juni 2023. Chachitatu, mutiuze m'kalata kuti ndi gawo liti lomwe matrasti akuliona ngati la chuma cha masiye ndi liti lomwe lipite kwa osankhidwa pa fomu ya olandira, komanso ndime ya malamulo a thumba imene akutsatira. Chachinayi, gawo la chuma cha masiye mulipereke ku akaunti yomwe talemba m'munsimu, osati ku akaunti yomwe ili pa fomu, poti imeneyo inatsekedwa.

Ngati pali pepala lina lomwe likusoweka, mutitchulire onse nthawi imodzi m'yankho lanu. Tikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi. Likapanda kubwera, tidzatengera nkhaniyi kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi."

Pansi pake panali mndandanda wa mapepala ophatikiza, lililonse ndi nambala yake yomwe ndinalembanso ndi cholembera pakona ya pepalalo: chikalata cha khoti, chiphaso cha imfa, chikalata cha malumbiro cha maina, kalata yopumira, fomu yodindidwa, mapeyisilipi, ziphaso zathu ndi kalata ya banki yotsimikiza akaunti.

Mchemwali wanga atawerenga anati kalatayo ndi youma. Ankafuna tilembemo momwe bambo anavutikira ndi ndalama za mankhwala miyezi yawo yomaliza, ndi momwe mayi akuvutikira pano. Zonsezo n'zoona, ndipo zimandiwawa kuposa momwe ndingalembere. Koma wowerenga kalata ku ofesi akawerenga za chisoni amayankha ndi chipepeso, n'kuika kalata pambali. Akawerenga kuti "tipatseni sitetimenti ya miyezi yakutiyakuti", ayenera kuipereka kapena kulemba chifukwa chimene akukanira. Pempho lililonse m'kalatamo ndinalipanga kuti yankho lake likhale pepala kapena ndalama.

Chiganizo chopempha kuti atchule mapepala onse osoweka nthawi imodzi chinachokera kwa mnzanga wina amene anayendapo njirayi. Iye ankati akapereka pepala limodzi amauzidwa za lina, mwezi n'kumapita. Masiku 21 aja ndinangosankha ndekha monga nthawi yokwanira kuti munthu atsegule fayilo. Sindinalembe kuti ndi lamulo, ndipo musalembe ndime ya lamulo yomwe simunaiwerenge ndi maso anu, chifukwa amene akuyankhaniyo amalidziwa kuposa inu.

Sindinalembemo chiwerengero cha ndalama zomwe tikufuna. Tinalibe sitetimenti yatsopano, ndipo ukatchula nambala yolakwika mkangano umasamukira pa nambalayo.

19 Juni 2024: kukapereka

Ndinanyamula makope awiri. Imodzi ndinasiya, inayo ndinapempha kuti adindepo chidindo cha tsiku, asayine ndi kulemba dzina la wolandira. Wa pa desiki anati zimenezo n'zosafunika poti kalata ikalowa m'buku. Ndinadikira mpaka anadinda. Kope ina ndinakasiya ku kampani imene bambo ankagwirako, nakonso ndi chidindo. Madzulo ndinajambula zonse n'kutumizanso pa imelo, kuti pakhale umboni wachiwiri wa tsiku.

Kusindikiza, mafotokope ndi maulendo, K11,000.

16 Julayi 2024: zii

Masiku aja anatha popanda yankho. Ndinaimba foni, ndipo anati fayilo ili kwa abwana. Ndinalemba m'kope tsiku, nthawi ndi udindo wa amene ndinalankhula naye, kenako ndinatumiza kalata yokumbutsa ya mizere isanu, yotchula tsiku la chidindo ndi kuphatikiza fotokope ya tsamba lodindidwalo. Sindinabwerezenso nkhani yonse.

6 Ogasiti 2024: yankho ndi masamu

Yankho linabwera ndi sitetimenti, ndipo mpamene chifukwa chenicheni cha kuchedwa chinaonekera. Ndalama yomaliza kulowa mu akaunti ya bambo inali ya Okutobala 2022. Kuyambira Novembala 2022 mpaka Juni 2023, miyezi 8, mzere uliwonse unali wopanda kanthu.

Ndinatenga mapeyisilipi n'kuika pambali pa sitetimenti. Malipiro a bambo owerengera penshoni anali K320,000 pa mwezi. Lamulo limati wantchito azipereka zosachepera 5 peresenti ndipo wolemba ntchito zosachepera 10 peresenti. Peyisilipi iliyonse ya miyezi 8 imeneyo ikusonyeza kuti anawadula K16,000. Kampani inayenera kuonjezerapo K32,000, kuti pa mwezi pazipita K48,000. Pa miyezi 8 ndi K384,000, ndipo mwa imeneyi K128,000 ndi yomwe inachotsedwa pa malipiro a bambo enieni koma osafika kumene inkapita. Lamulo limapatsa wolemba ntchito masiku 14 mwezi ukatha kuti atumize ndalamazi.

Apa zinamveka chifukwa chake fomu ija inagona m'kabati. Kampani ikatumiza fomu yakuti wantchito wapuma, a thumba amafunsa za miyezi yosoweka asanatseke akaunti. Kusatumiza fomu kunali kuthawa funso limenelo. Bambo ankapita kukafunsa n'kumauzidwa kuti zili m'njira. Chizindikiro chinalipo, koma chinali pa pepala lomwe bambo sanalione: membala ali ndi ufulu wopempha sitetimenti yake ku thumba mwachindunji, osadzera kwa abwana ake. Ngati kholo lanu latsala pang'ono kupuma, lipempheni litenge sitetimentiyo n'kuifananitsa ndi mapeyisilipi likadali pa ntchito.

Mu akaunti munali K9,640,000. Pa funso lachitatu lija anayankha kuti matrasti adzagamula akalandira chitsimikizo cha kampani chakuti bambo anapumadi. Anatiuzanso kuti fomu ya olandira ilipo, ya 2012, ndipo ili ndi maina a mayi ndi ana awiri omaliza, omwe pa nthawiyo anali pa sukulu.

Kalatayo inali ndi mfundo imodzi yomwe sindinagwirizane nayo. Inati sangapereke kalikonse mpaka kampani itatumiza K384,000 yosowekayo. Ndiye kuti K9,640,000 yomwe ilipo kale ikhale yomangidwa chifukwa cha ngongole ya munthu wina.

13 Ogasiti 2024: makalata awiri

Yoyamba inapita ku kampani. Ndinaikamo tebulo la mizere 8: mwezi, ndalama yodulidwa pa peyisilipi, gawo la kampani, ndi yomwe inafika ku thumba. Ndinapempha zinthu ziwiri, kuti atsimikizire thumba m'kalata za tsiku lopuma, ndi kuti atumize K384,000 pamodzi ndi phindu lomwe ndalamayo ikanapanga ikanalowa pa nthawi yake.

Nkhani ya phinduyi si yaing'ono. Ndalama yomwe ili m'thumba imabereka chifukwa amaichitira malonda, koma yomwe siinafike siibereka kanthu. Ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, bambo akadali moyo akudikira. Zimene theka lawo likanagula mu Julayi 2023, malata kapena feteleza, silingagulenso lero. Kugwa kwa kwachako palibe amene angatibwezere, koma phindu la miyezi yosowekayo lili ndi mwini woti alipire.

Yachiwiri inapita ku thumba. Ndinapempha kuti alekanitse nkhani ziwirizi: apereke zomwe zilipo kale, zotsalazo adzapereke zikafika. Ndinawakumbutsanso kuti umboni wa kupuma ali nawo kale m'manja, kalata ya kampani yomwe ndi fomu yokhala ndi chidindo chake, choncho palibe chifukwa chodikira kuti kampani inenenso kachiwiri zomwe inalemba kale.

10 Seputembala 2024: dandaulo ku Reserve Bank

Kampani sinayankhe. Thumba linayankha pa foni kuti likudikirabe kampani. Tinalemba dandaulo kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, udindo womwe uli ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ndinakalisiya ku nthambi ya bankiyi ku Blantyre. Kumeneko amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku bungwe lomwe mukulidandaulalo. Apa mpamene makope odindidwa aja anagwira ntchito: dandaulo linali tsamba limodzi lokha, lotchula masiku motsatana, ndipo kumbuyo kwake kunali kalata iliyonse ndi chidindo chake, sitetimenti ndi tebulo la miyezi 8.

Amene kholo lawo linali la m'boma, mphunzitsi kapena namwino, adziwe kuti njira yawo ndi ina. Fayilo imayambira ku unduna kapena ku khonsolo kumene munthu ankagwira, ndipo madandaulo a kuchedwa kwa maofesi a boma amapita kwa Ombudsman. Kalembedwe ka kalata kokha ndi kamene sikasintha.

Makope a dandauloli ndinatumiza ku thumba ndi ku kampani. Zonse K8,500.

22 Okutobala 2024: chigamulo cha matrasti

Dandaulo litalowa, kampani inatumiza chitsimikizo cha kupuma, ndipo matrasti anakumana. Kalata yawo inati theka lomwe bambo anasayinira kuti atenge nthawi imodzi linali lawo kuyambira pamene anapuma, choncho lipita ku chuma cha masiye. Theka linalo, lomwe linayenera kumaperekedwa mwezi ndi mwezi koma linali lisanayambe, analitenga ngati ndalama ya imfa ya membala, ndipo lipita kwa atatu olembedwa pa fomu ya 2012. Pa K9,640,000, mbali iliyonse ndi K4,820,000, kuonjezapo phindu lomwe lalowa kuchokera tsiku la sitetimenti.

Chigamulochi chinatsamira pa malamulo a thumba limeneli ndi pa fotokope ija ya m'sutikesi. M'kalatamo ananena poyera kuti pakanapanda fomu yosayinidwa ndi yodindidwa bambo ali moyo, ndalama yonse akanaitenga ngati ya imfa. Thumba lina likhoza kugamula mosiyana, n'chifukwa chake ndi bwino kupempha kuti yankho likhale lolembedwa ndi lotchula ndime.

Kunyumba nkhaniyi inafuna kukhalirana pansi. Ana ena anafunsa chifukwa chake aang'ono awiri akulandira kawiri, kwa matrasti komanso pa chuma cha masiye. Ndinawerenga kalatayo mokweza pamaso pa onse, kuti aliyense amve kuti si ine kapena mayi amene tagawa choncho. Fomu ya olandira bambo anailemba zaka 12 zapitazo ndipo sanaisinthe. Kaya akanaisintha ana aja atamaliza sukulu, palibe angadziwe, ndipo ife oyendetsa chuma tilibe mphamvu pa gawo limenelo.

19 Novembala 2024: pamene tafika

Gawo la chuma cha masiye lalowa mu akaunti. Ndapereka chiwerengero chenicheni kwa loya kuti akonze chongoyerekeza chija. Tabweza K380,000 kwa amene anasonkha, ndi K59,000 ya mafotokope, malumbiro ndi maulendo omwe ndalemba pamwambapa. Mayi ndi aang'ono awiri aja apereka ziphaso ndi maakaunti awo ku thumba, aliyense payekha, ndipo ndalama za mayi zafika kale.

Kampani yatumiza K384,000 ku thumba koma popanda phindu lililonse. Thumba lati ligawa ndalamayi pawiri monga linachitira ndi yoyamba, K192,000 mbali iliyonse. Ndalembera thumba kupempha kuti liwerengere phindu lomwe K48,000 ya mwezi uliwonse ikanapanga kuchokera tsiku lomwe inayenera kulowa, kuti kalata yotsatira yopita ku kampani ikhale ndi nambala yochokera kwa iwo osati kwa ine. Kope yake yapita ku Reserve Bank pa nambala ya dandaulo lomwe lija, ndipo chuma sitigawa mpaka yankho limenelo litabwera.